Umboni Utsogole, Chisoni Chitsatire: Kukonza Gawo Lofotokoza Vuto M'pulopozo

Mabungwe ang'onoang'ono ambiri akamalemba kalata yopempha ndalama za chitukuko, imene aliyense wangoizolowera kuti pulopozo, amayamba gawo lofotokoza vuto ndi nkhani ya mwana mmodzi. Amamupatsa dzina, amanena kuti ali ndi zaka 14, kuti amayenda mtunda wautali wopanda nsapato, kuti anasiya sukulu ali mu Sitandade 6 ndipo pano ali ndi khanda kumsana. Nkhaniyo imadya ndime ziwiri kapena zitatu. Kenako pamabwera chiganizo chimodzi chonena kuti theka la atsikana m'Malawi amakwatiwa asanafike zaka 18, popanda kutchula amene anawerenga atsikanawo kapena chaka chimene anawerenga, ndipo gawolo limatha ndi mawu akuti vutoli ndi lalikulu zedi moti thandizo likufunika msanga. Wolembayo sakunama. Mwanayo alipodi, ndipo chisoni chake n'chenicheni. Koma gawo lolembedwa motere limasiya wowerenga ali wokhudzidwa mtima koma alibe choti agwire, ndipo mfundo ya nkhani ino ndi yakuti kulikonza si kuchotsamo mwanayo ayi, koma kumusuntha pamalo ndi kumupatsa ntchito ina.

Poyamba tiganizire za munthu amene amawerenga pulopozo. Ku bungwe lopereka thandizo, kaya ndi ofesi ya kazembe ku Lilongwe kapena bungwe lalikulu limene limagawira mabungwe aang'ono, wowerenga nthawi zambiri amakhala ndi mulu wa makalata ndi pepala lopatsirapo malikisi. Pepalalo limafunsa ngati vuto lafotokozedwa bwino, ngati pali umboni, ngati ntchito yopemphedwayo ikugwirizana ndi vutolo, ndiponso ngati bajeti ikulingana ndi kukula kwa ntchito. Akamaliza, wowerengayo amakakhala pansi ndi anzake n'kufotokoza chifukwa chimene wasankhira pulopozo iyi n'kusiya ina. Pamsonkhano umenewo sanganene kuti nkhani ya mwanayo inamugwetsa misozi, chifukwa mnzake ali ndi kalata ina yokhala ndi mwana winanso womvetsa chisoni chimodzimodzi. Zili ngati pabwalo la milandu kwa amfumu: wodandaula akalira anthu amamva naye chisoni, koma nduna zimafunabe kudziwa kuti malire a munda adadutsa pati ndipo mboni ndani. Wolemba pulopozo ayenera kupatsa wowerenga mfundo zoti akanene iyeyo kulibe.

Kukonzako kumayamba ndi funso losavuta kulifunsa koma lovuta kuliyankha: kodi vuto lenileni ndi lotani? Norton Kiritz, amene anayambitsa The Grantsmanship Center ku Los Angeles mu 1972 ndi kuphunzitsa mabungwe ambiri kalembedwe ka makalata otere, ankachenjeza za msampha umodzi umene olemba amagweramo mpaka lero. Ndi kunena kuti vuto ndi kusowa kwa chinthu chimene bungwe likufuna kugula. Bungwe lofuna kumanga hositelo limalemba kuti vuto ndi lakuti kulibe hositelo. Lofuna kugawa mapadi limalemba kuti vuto ndi kusowa kwa mapadi. Mfundo yotere imangozungulira pamodzimodzi, chifukwa yankho lalowetsedwa kale m'funso. Vuto liyenera kukhala chinthu chimene chikuchitikira anthu, monga kuti atsikana akusiya sukulu asanalembe mayeso a Sitandade 8, ndipo hositelo kapena mapadi ndi njira chabe zimene zingathandize kapena ayi. Njira yodziwira ngati mwagwa mu msamphawu ndi kufufuta dzina la bungwe lanu ndi chilichonse chimene mukufuna kugula m'gawo lonselo. Ngati chotsala chikufotokozabe vuto, muli panjira. Ngati gawolo lagwa, ndiye kuti munalemba za bungwe osati za anthu.

Tiyerekeze tsopano ndi bungwe longopeka la m'boma la Machinga limene limagwira ntchito ndi sukulu za pulayimale zisanu ndi imodzi za m'zoni imodzi. Manambala a sukuluzi ndi ongoyerekezera kuti tione kawerengedwe, koma a dziko lonse ndi enieni. Chiganizo chija chakuti theka la atsikana amakwatiwa asanafike zaka 18 chili ndi kwawo: chikuchokera ku kafukufuku wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 2010, amene anapeza kuti pafupifupi 50 mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane msinkhu umenewo. Kafukufuku wa mtundu womwewo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza 42, ndipo wa MICS wa mu 2019 ndi 2020 anapeza pafupifupi 38. Wolemba amene akunenabe kuti theka akugwiritsa ntchito nambala yakale ndi zaka zoposa khumi, yochokera nthawi imene lamulo la maukwati la mu 2015 linali lisanabwere, komanso Nyumba ya Malamulo isanasinthe malamulo oyendetsera dziko mu 2017 kuti msinkhu wokwatiwa ukhale zaka 18. Wowerenga wodziwa ntchito yake amazindikira zimenezi nthawi yomweyo, ndipo akapeza nambala imodzi yofooka amayamba kukayikira zonse zotsatira. Onaninso kuti nambalayi ikunena za amayi a zaka 20 mpaka 24 amene akukumbukira zakale zawo, osati za atsikana amene ali m'kalasi lero. Kulemba nambala popanda kunena kuti ndi ya anthu ati, ya chaka chiti ndiponso yochokera kuti, kuli pafupi kwambiri ndi kusalemba nambala n'komwe.

Komabe nambala ya dziko lonse, ngakhale ikhale yolondola, ntchito yake ndi yochepa. Imangoonetsa kuti vutoli ndi lodziwika, ndipo chiganizo chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira. Wopereka thandizo sakupemphedwa ndalama za dziko lonse koma za sukulu zisanu ndi imodzi, choncho umboni wolemera uyenera kuchokera kusukuluzo. Apa ndi pamene olemba ambiri amati manambala kulibe, pamene alipo ndithu. Mphunzitsi wamkulu aliyense amasunga kaundula wa ophunzira, ndipo chaka ndi chaka amatumiza chiwerengero ku unduna wa zamaphunziro kudzera kwa mlangizi wa zoni ndi ofesi ya maphunziro ya paboma. Khonsolo ya boma lililonse imakhala ndi buku lofotokoza za chuma ndi umoyo wa anthu ake komanso ndondomeko ya chitukuko cha bomalo. Kalembera wa mu 2018, amene ofesi ya NSO ya ku Zomba inachita, anapereka chiwerengero cha anthu mpaka pa dera la mfumu yaikulu. Bungwe lathu longopekali litapita kukaona makaundula, tinene kuti lapeza kuti mu 2021 munali atsikana 400 ndi anyamata 380 mu Sitandade 5, ndipo mu 2024, pamene gulu limenelo linayenera kukhala mu Sitandade 8, munali atsikana 140 ndi anyamata 190. Ndiye kuti atsikana 35 mwa 100 alionse anafika pa nthawi yake, pamene anyamata anali 50. Kuika anyamata pambali pa atsikana n'kofunika kwambiri, chifukwa nambala yokhala yokha siuza munthu ngati zinthu zili bwino kapena ayi. Kuyerekezako kukuulula zinthu ziwiri: kuti atsikana akutsalira kwambiri, komanso kuti theka la anyamata nalonso likusowa, zimene zikusonyeza kuti china mwa zifukwa sichikusankha mwamuna kapena mkazi.

Wolemba wachangu angathamangire kulemba kuti atsikana 260 anasiya sukulu, ndipo apa ndi pamene umboni wooneka wabwino umasanduka bodza. M'sukulu za pulayimale m'Malawi muno kubwereza kalasi n'kofala, ndipo ana amasamuka ndi makolo awo kapena kupita kukakhala kwa achibale. Mtsikana amene sali mu Sitandade 8 akhoza kukhala mu Sitandade 7 pasukulu yomweyo. Njira yake ndi kutenga maina 260 aja n'kuwatsata limodzilimodzi pamodzi ndi aphunzitsi ndi gulu la amayi la pasukulupo, amene amadziwa khomo lililonse m'midzi yozungulira. Tinene kuti zapezeka kuti 100 akubwereza, 40 anasamukira ku sukulu zina, ndipo 120 anasiyiratu. Nambala yatsika kuchoka pa 260 kufika pa 120, ndipo mtima wa wolemba umawawa poona vuto lake likuchepa papepala. Koma 120 imeneyi ndi nambala imene angaiteteze pamaso pa aliyense, ndipo ndi imene bajeti ingamangidwepo. Ndiponso opereka thandizo ambiri amabwera kudzaona malo asanatulutse ndalama kapena ntchito ili m'kati, ndipo bungwe limene linakokomeza pachiyambi limadzavutika pamapeto kufotokoza chifukwa chake linafikira anthu ochepa kuposa amene linalonjeza.

Funso lotsatira ndi lakuti chifukwa chiyani, ndipo ndi pa funso limeneli pamene kukonza gawo limodzi kumatha kusintha pulopozo yonse. Tinene kuti bungweli linkafuna kupempha ndalama zogulira mapadi, pokhulupirira kuti atsikana amasiya sukulu chifukwa cha msambo. Litayendera mabanja 80 mwa 120 aja, mabanja 36 atchula kusowa kwa yunifolomu, makope ndi ndalama zimene sukulu imapempha, komanso kufunika koti mwana azikagwira ganyu, 24 atchula mimba kapena ukwati, 12 atchula kutalika kwa mtunda, ndipo 8 atchula zifukwa zina. Zotere sizikutanthauza kuti mapadi alibe ntchito, chifukwa ukhondo ndi ulemu wa mtsikana n'zofunika pazokha. Koma kafukufuku amene Monica Grant, Cynthia Lloyd ndi Barbara Mensch anasindikiza mu 2013, wochokera ku sukulu za kumidzi za m'chigawo cha kummwera kwa Malawi, anapeza kuti ngakhale atsikana ambiri ndithu anajombapo chifukwa cha msambo, masiku amenewo anali gawo lochepa la kujomba konse, ndipo sanachititse kuti atsikana azijomba kuposa anyamata. Kumbali ina, kafukufuku wa ku Zomba wa mu 2008 ndi 2009, amene Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler analemba, anaonetsa kuti ndalama zochepa zopatsidwa mwezi ndi mwezi kwa atsikana ndi mabanja awo zinachepetsa kusiya sukulu, makamaka pamene zinkaperekedwa ndi lamulo lakuti mtsikana azipita kusukulu. Ofufuza omwewo atabwererako patapita zaka anapeza kuti phindu lambiri linazilala ndalamazo zitasiya kuperekedwa. Bungwe limene likudziwa zonsezi, zokoma ndi zowawa zomwe, limalemba gawo lofotokoza vuto limene likuloza ku umphawi wa pakhomo, ndipo mwina limasintha zimene likupempha. Nkhani ya mwana mmodzi ikanakhala patsogolo, sakanafika apa, chifukwa wolemba amasankha mwana amene nkhani yake ikugwirizana ndi zimene bungwe linaganiza kale.

Gawo lokonzedwalo likhoza kuyamba motere, kaya m'Chichewa kapena m'Chingerezi chimene makalata ambiri otere amalembedwamo: "M'sukulu zisanu ndi imodzi za m'zoni yathu, atsikana 120 mwa 400 amene anali mu Sitandade 5 mu 2021 anali atasiyiratu sukulu pofika 2024, malinga ndi makaundula a sukuluzi ndi kalondolondo amene tinachita ndi magulu a amayi. Mwa mabanja 80 amene tinacheza nawo, 36 anati chifukwa chachikulu ndi kusowa kwa zofunika kusukulu." Pambuyo pake pabwere nambala ya dziko lonse yoonetsa kuti zimenezi sizachilendo, kenako zimene ena akuchita kale m'deralo ndi pamene akulekezera, ndipo apo ndi pamene mtsikana uja alowe. Alowe m'ziganizo zitatu kapena zinayi, ndipo asankhidwe kuchokera ku gulu lalikulu la 36 lija, osati kuchokera kwa amene nkhani yake ndi yoopsa kuposa onse. Ntchito yake ndi kuonetsa chimene nambala singathe kuonetsa, ndicho kayendedwe ka vutolo: kuti yunifolomu inang'ambika mu Januwale, mwezi wa njala, pamene pakhomo ndalama iliyonse imapita ku ufa, kuti anajomba sabata ziwiri akupalira m'munda wa eni, kuti atabwerera anapeza anzake apita patsogolo ndipo analephera mayeso a teremu, ndiye chaka chotsatira sanafune kukhala m'kalasi limodzi ndi ang'ono ake. Mimba ikabwera, imabwera pamapeto pa ndandanda umenewu, ndipo kudziwa chimene chinayamba pakati pa kusiya sukulu ndi mimba kumasintha nthawi imene thandizo liyenera kufika. Nkhani yotere imagwira mtima, koma ikugwiranso ntchito ya umboni.

Pali mfundo yotsutsa yamphamvu imene siyenera kunyalanyazidwa. Mu 2007 Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic anasindikiza kafukufuku amene anachitikira ku America. Anapatsa anthu ndalama zochepa n'kuwapatsa mwayi woperekako ku bungwe la Save the Children. Ena anawerenga manambala a njala ya mu Africa, ndipo m'manambalamo munali ana mamiliyoni a ku Malawi ndi kuchepa kwa chimanga ku Zambia. Ena anawerenga za mtsikana mmodzi wa zaka 7 wa ku Mali, dzina lake Rokia, n'kuona chithunzi chake. Amene anawerenga za Rokia anapereka pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndipo pamene nkhani yake inaphatikizidwa ndi manambala, zopereka zinatsika. Wina anganene kuti apa sayansi yeniyeni ikuti manambala amazizira mtima, nanga bwanji tiwaike patsogolo? Yankho lili pa amene ankapereka ndi mmene ankaperekera. Anali anthu wamba, aliyense payekha, akupereka ndalama zochepa za m'thumba mwake nthawi yomweyo, popanda wowafunsa chifukwa. Zimenezi zikufanana ndi kalata yopempha anthu a mumpingo kapena abale a ku Joni ndi ku Mangalande kuti asonkhe, ndipo m'kalata yotere nkhani ya munthu mmodzi itsogoledi. Wowerenga pulopozo akugawa ndalama za eni, akuyerekeza makalata ambiri, ndipo adzafunsidwa. Iyenso ndi munthu ndipo mtima ali nawo, n'chifukwa chake nkhani siichotsedwa. Koma amene wawerenga nkhani zomvetsa chisoni zambirimbiri pa sabata imodzi amayamba kuona chisoni chochuluka ngati chophimba pamene umboni ukusowa.

Mfundo yachiwiri yotsutsa ndi ya chilungamo. Mabungwe akuluakulu ali ndi antchito olembedwa kuti azifufuza, pamene bungwe la kumudzi lili ndi anthu odzipereka ochepa ndi njinga imodzi, ndiye kufuna umboni kukhoza kukhala njira yotsekera ang'onoang'ono kunja. Pamenepa pali choonadi, ndipo opereka thandizo ena amafunadi zinthu zopitirira muyeso pa ndalama zochepa. Koma taonani umboni umene wagwira ntchito m'chitsanzo chathu: makaundula a sukulu, maina otsatidwa khomo ndi khomo, ndi macheza ndi mabanja. Bungwe la ku likulu silingachite zimenezi mosavuta, chifukwa amayi a m'mudzi sangaulule za mimba ya mwana wawo kwa mlendo wobwera pa galimoto. Manambala a dziko lonse aliyense angawapeze, koma a m'zoni ali ndi amene amakhala komweko. Chofunika n'kunena poyera malire a umboniwo: kuti anafikiridwa ndi mabanja 80 mwa 120, kuti amene sanapezeke mwina ndi amene anakwatiwa kutali, choncho chiwerengero cha maukwati chikhoza kukhala chokwera kuposa chimene chalembedwa, ndiponso kuti makolo ena amatchula umphawi pochita manyazi kutchula mimba. Wowerenga wodziwa amakhulupirira kwambiri wolemba amene wadzitchulira yekha pofooka, chifukwa ndi chizindikiro chakuti manambalawo anawapeza yekha ndipo amawamvetsa.

Pali amene amaopanso kuti manambala amasandutsa anthu kukhala zinthu zowerengedwa. Nkhawa imeneyi ndi yabwino, koma nkhani yokokomeza imachotsa ulemu kuposa nambala. Mtsikana amene dzina lake lenileni, mudzi wake ndi chithunzi chake zalembedwa pamodzi ndi nkhani ya mimba yake sadziwa kuti kalatayo idzadutsa m'manja angati, ndipo sangaibweze. Choncho pokonza, dzina lisinthidwe ndipo zinenedwe kuti lasinthidwa, mudzi usatchulidwe, ndipo chilolezo chipemphedwe kwa mwanayo ndi kwa womulera atauzidwa bwino kumene nkhaniyo ikupita. Kusakaniza nkhani za ana atatu n'kupanga mwana mmodzi popanda kunena ndi chinyengo, ngakhale chidutswa chilichonse chikhale choona. Ndipo mawu ofotokozera ngati akuti womvetsa chisoni, wosowa pogwira, wopanda tsogolo, achotsedwe n'kusiya zochitika zilankhule. Kunena kuti mtsikana anapalira munda wa eni kwa sabata ziwiri kuti agule makope kumamuonetsa ngati munthu amene akulimbana ndi vuto lake, ndipo wopereka thandizo amafuna kuika ndalama pamene anthu ayambapo kale.

Pomaliza kukonza, ndi bwino kutenga zolembera za mitundu iwiri n'kudutsa m'gawo lonse, mtundu umodzi kulemba mzere pansi pa chiganizo chilichonse chimene munthu wina angathe kukachitsimikiza, wina pansi pa chimene chikungodzutsa chifundo. Ngati mtundu wachiwiri wadzaza ndime yoyamba, dongosolo likadali lakale. Kenako nambala iliyonse ya m'gawoli ifufuzidwe m'zigawo zotsatira: 120 ija iyenera kuonekanso pa zolinga, pa chiwerengero cha opindula ndi pa bajeti, ndipo chifukwa chilichonse chimene chatchulidwa chikhale ndi ntchito yochiyankha kapena chiganizo chonena kuti bungweli silidzachikhudza ndipo akuchikhudza ndi ena. Mabanja 12 amene anatchula mtunda, mwachitsanzo, sangathandizidwe ndi yunifolomu, ndipo pulopozo inene zimenezo n'kuonetsa ngati nkhani ya sukulu yatsopano kapena mlatho inalowa kale m'ndondomeko ya komiti ya chitukuko ya m'deralo. Kenako gawolo lipatsidwe kwa munthu amene sadziwa za ntchitoyo, awerenge kamodzi, abweze pepala, ndipo anene kuti vuto ndi lotani, likukhudza anthu angati, kuti, ndipo chifukwa chiyani. Akakumbukira dzina la mtsikana lokha, gawolo libwererenso pa tebulo.